Foni ikuti mvula ikubwera: tibzale kapena tidikire?

Mbewu zambiri zimene zimafera m'nthaka kumayambiriro a dzinja zimaphedwa ndi mvula imene yagwa kamodzi, n'kunyowetsa pamwamba pokha, kenako n'kusowa milungu iwiri dzuwa la Novembala likuswa mtengo. Chizimalupsa chakhala chikupusitsa anthu kuyambira kale, ndipo n'chifukwa chake akuluakulu ankaletsa kuthamangira khasu pa mvula yoyamba. Chasintha n'chakuti lero ambiri tili ndi foni m'thumba, ndipo foniyo ikuonetsa kamtambo kokhala ndi timadontho, pambali pake palembedwa 70%. Munthu wa kamunda kakang'ono kuseri kwa nyumba, amene wagula paketi imodzi ya mbewu ndipo alibe ndalama yogulira ina, akufuna kudziwa ngati kamtambo kameneka n'kokwanira kuti abzale.

Yankho langa ndi lakuti ayi, sikokwanira. Bzalani potengera mvula imene yagwa kale ndipo mwaiyeza nokha, osati imene foni ikulonjeza. Ntchito imene apu ya zanyengo imaitha bwino ndi ina: kukuuzani ngati pambuyo pa mvula imeneyo pakubwera ng'amba. Kuti izi zimveke, tiyambe taona kumene manambala a pa foni amachokera.

Kumene manambala amachokera

Ma apu ndi ambiri, koma magwero ake ndi ochepa. Pali makompyuta akuluakulu m'maiko angapo amene amawerengetsera kayendedwe ka mpweya wa dziko lonse lapansi. Awiri otchuka kwambiri ndi ECMWF, wa bungwe la maiko a ku Ulaya, ndi GFS, wa boma la Amerika. Palinso ICON wa ku Jeremani. Apu ya Yr, ya nthambi ya zanyengo ya ku Norway, imatenga ulosi wa kuno kwathu ku ECMWF. Apu ya Windy imakulolani kusankha nokha pakati pa ECMWF, GFS ndi ICON. Ma apu ena, monga amene amabwera kale m'foni, amasakaniza magwero omwewa n'kuwonjezerapo kawerengedwe kawo. Choncho mukaona ma apu atatu akunena zofanana, musafulumire kuganiza kuti mboni zitatu zagwirizana. Mwina onsewo amva kwa munthu mmodzi.

Makompyuta amenewa saona munda wanu. Amagawa dziko m'timabokosi, ndipo bokosi lililonse limalandira nambala imodzi ya mvula. Mu ECMWF bokosilo ndi la makilomita pafupifupi 9 mbali iliyonse. La GFS ndi lokulirapo, ndipo ulosi wake umene ma apu ambiri amatenga umakhala wa mabokosi a makilomita oposa 20. Nambala imene mukuwerenga ndi mvula ya bokosi lonselo itamwazidwa mofanana.

Apa ndi pamene pagona vuto lathu, chifukwa mvula ya Okutobala ndi Novembala ndi ya mabingu. Nthaka imatentha, mpweya wofunda umakwera, mtambo umakula masana, n'kukhuthula madzi pa dera la makilomita ochepa chabe. Tonse tinaonapo mvula ikugwa tsidya lina la msewu kuno kuli gwa. Tinene kuti mtambo wotere wakhuthula mamilimita 30 pa gawo limodzi mwa magawo atatu a bokosi, kwinako osadontha n'komwe. Kompyuta, ngakhale italosera bwino bwanji, idzalemba mamilimita 10. Palibe munda ndi umodzi womwe umene walandira mamilimita 10: ena alandira 30, ena sanalandire kanthu. Ndiye mnzanu akamati apu inanama, inunso mukuti inanama, mwina nonse mukunena zoona, koma nambalayo inali ya bokosi, osati ya munda wa aliyense wa inu.

Pali zinanso ziwiri zimene zimafooketsa ulosi wa kuno. Choyamba, kompyuta imayamba kuwerengetsera kuchokera pa mmene mpweya ulili panopa, ndipo mu Afirika malo oyezera nyengo, makamaka oyeza mpweya wa m'mwamba, ndi ochepa poyerekeza ndi ku Ulaya. Zambiri zimadalira masetilaiti. Chachiwiri, mapiri ndi nyanja zimasalazidwa m'mabokosi aja. Dedza boma ili pamwamba pozizira, pomwe Golomoti ndi Mtakataka zili kunsi kotentha, koma zonsezi ndi boma limodzi. Munthu wa ku Golomoti akalemba dzina la Dedza mu apu, akuwerenga nyengo ya kumapiri imene si yake. Chimodzimodzi wa kufupi ndi nyanja ya Chilwa amene walemba Zomba. N'kwabwino kuyatsa chozindikira malo cha m'foni muli m'munda momwemo, kapena kuloza ndi chala pa mapu pamalo penipeni.

Makompyutawa alinso ndi chizolowezi chodziwika m'maiko otentha ngati lathu: amalosera mvula yochepa koma ya masiku ambiri, pomwe yeniyeni imabwera masiku ochepa koma yamphamvu. Mukaona mzere wa mamilimita 1, 2, 1, 3 tsiku ndi tsiku, musamawerenge ngati mvumbi. Kawirikawiri zikungotanthauza kuti m'mwamba muli chinyezi ndipo penapake pafupi pangagwe mvula.

Peresenti ndi mamilimita

Manambala awiri amaoneka pa foni, ndipo ambiri timayang'ana osafunika kwenikweniwo. Peresenti imanena za mwayi woti mvula igwe pamalopo, osati kuchuluka kwake. Ndipo mvula imene ikuwerengedwayo ikhoza kukhala yochepetsetsa, kachigawo chabe ka milimita imodzi, yongodonthetsa fumbi. Choncho 80% ya mvula ya mamilimita 2 ndi nkhani ya munthu amene wayanika ufa kapena zovala. Kwa wobzala ilibe kanthu. Koma 40% ya mamilimita 25 ndi nkhani yaikulu, yofunika kukonzekera.

Nambala ya wolima ndi mamilimita. Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Pa dothi lamchenga louma, milimita imodzi imalowa pafupifupi sentimita imodzi. Pa katondo kapena dothi lina lolemerera imalowa mocheperapo, pafupifupi theka la sentimita kapena kupitirira pang'ono, chifukwa dothi lotere limamwa madzi ambiri lisanawapereke kunsi. Ikagwa mwamkuntho pa nthaka yolimba, ina imangothamanga osalowa n'komwe. Kumbali ina, dzuwa la Novembala limatha kukoka mamilimita 5 kapena kuposa pa tsiku kuchokera pa nthaka yonyowa yosaphimbidwa. Mukaphatikiza ziwirizi muona chifukwa chake mvula ya mamilimita 10 siyobzalira: yanyowetsa masentimita ochepa apamwamba, ndipo pakatha masiku awiri kapena atatu dzuwa latenganso zake.

Mbewu ya chimanga imabzalidwa pakuya pafupifupi masentimita 5. Ikapeza chinyontho imafufuma m'tsiku limodzi kapena awiri, kamuzu n'kutuluka, ndipo m'nthaka yofunda imatulukira kunja pakatha masiku 5 mpaka 7. Kamuzuko kakangotuluka, mbewu siingabwererenso m'mbuyo. Mbewu youma ikhoza kudikira m'nthaka youma kwa masiku ndithu, koma imene yayamba kumera n'kuumiridwa yafa basi. N'chifukwa chake mvula yochepa ndi yoopsa kuposa kusagwa kwa mvula, makamaka kwa amene amabzala pouma kudikira mvula iwapeze. Mamilimita 8 amakwanira kudzutsa mbewu, koma sakwanira kuisunga ndi moyo.

Akatswiri a zanyengo ndi alangizi a zaulimi m'chigawo chino cha Afirika ali ndi muyeso wa chiyambi chenicheni cha mvula yobzalira. Manambala amasiyana pang'ono malinga ndi amene akuwerenga, koma mutu wake ndi umodzi: mvula ya mamilimita 20 mpaka 25 m'masiku awiri kapena atatu otsatizana, imene sinatsatiridwe ndi ng'amba ya masiku pafupifupi 10 m'milungu yotsatira. Muyesowu uli ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi ya zimene zachitika kale, ndipo foni siingakuuzeni, chifukwa sinali m'munda mwanu. Mbali yachiwiri ndi ya zam'tsogolo, ndipo kale mlimi analibe poiyang'anira kupatula mphepo, kutentha kwa usiku ndi kuphukira kwa mitengo. Apu yabwera kudzathandiza pa mbali yachiwiriyi.

Ndipo mwamwayi, mbali imeneyi ndi imene makompyuta amaitha bwino. Kulosera munda umene mtambo wa mabingu udzakhuthulirepo ndi kovuta kwambiri. Koma kuona kuti mpweya wouma ukuta chigawo chonse kwa sabata yathunthu ndi kosavuta, chifukwa chimenecho ndi chinthu chachikulu, cha makilomita mazanamazana, chimene mabokosi aja amachigwira bwino. Chimodzimodzi kubwera kwa mpweya wachinyezi wochokera ku Congo, kutsika kwa lamba wa mvula amene amayenda ndi dzuwa chaka ndi chaka, kapena namondwe wochokera ku nyanja ya mchere ya India. Namondwe wa Freddy asanafike m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, machenjezo anali ataperekedwa kale masiku angapo m'mbuyo. Kunena mwachidule, apu ikati kuuma sabata yonse, ikhulupirireni kwambiri. Ikati mvula Lachinayi masana, ikhulupirireni pang'ono.

Chitini cha pa mtengo

Mbali yoyamba ija imafuna chida chimene simugula. Tengani chitini chowongoka, chimene kukamwa kwake n'kofanana ndi pansi pake, ndipo pansi pakepo n'pafulati. Chidebe chotambasuka kukamwa sichingathandize, chifukwa chimasonkhanitsa madzi ambiri pa malo ochepa n'kukunamizani. Chikhomereni pa mtengo wozika pabwalo, kutali ndi denga, mpanda ndi mitengo, pamwamba poti nkhuku ndi ana sangachigwetse. M'mawa uliwonse pa nthawi yofanana, tinene 8 koloko monga amachitira oyeza mvula a boma, viikani kamtengo kouma kowongoka m'chitinimo n'kuyeza ndi rula pamene panyowa. Masentimita awiri ndi theka ndiwo mamilimita 25. Lembani m'kope, tayani madziwo. Mvula ikagwa m'mawa kapena masana kenako dzuwa n'kuwala, yezani nthawi yomweyo madzi asanauluke.

Pambali pa nambala ya chitini, lembani imene apu inalonjeza dzulo lake. Pakatha mwezi muyamba kuona khalidwe la apuyo pa malo anu: kaya imakonda kukokomeza, kaya imaphonya mvula yochokera kuphiri. Palibe wina angakuuzeni zimenezi, chifukwa ndi za munda wanu wokha.

Ndipo chitini chikanena zake, khasu limalize. Kumbani pa mzere m'malo awiri kapena atatu. Ngati chinyontho chafika masentimita 15 mpaka 20, ndiye kuti pafupifupi kutalika kwa dzanja kuchokera pa mfundo yolumikiza dzanja ndi mkono mpaka kunsonga ya chala chapakati, ndipo dothi lapansilo likuumbika mukalifumbata, mbewu ili ndi nkhokwe ya masiku angapo. Mukapeza fumbi pansi pa masentimita 7, mvulayo yangopaka pamwamba.

Tiyerekeze ndi munda umodzi

Tiyerekeze mayi wina kunja kwa mzinda wa Lilongwe, cha ku Mitundu, amene ali ndi kamunda ka mamita 20 m'lifupi ndi 30 m'litali, dothi lake katondo. Mizere anapanga motalikirana masentimita 75, ndipo akufuna kubzala mbewu imodzi pa phando, mapando otalikirana masentimita 25. Ndiye kuti mapando alipo pafupifupi 3,200. Ali ndi foni, ali ndi chitini, ndipo tili mkatikati mwa Novembala.

Lolemba apu ikuonetsa 70% ndi mamilimita 6 a Lachiwiri. Lachiwiri masana mvula yagwadi, ya mabingu, ndipo chitini chikuti mamilimita 14. Fungo la dothi lili ponseponse, oyandikana nawo atuluka ndi mbewu m'mbale. Mayiyu wakumba, ndipo chinyontho chalekezera pa masentimita 8. Mbali yoyamba ya muyeso yalephera kale: 14 sanafike pa 20. Komabe n'kutheka kuti mawa igwa ina yowonjezera, ndiye watsegula Windy, waloza pa munda wake, wasankha `Rain accumulation`, pamene pamaonetsa mvula yonse yoyembekezeka pamodzi, n'kuika pa masiku 10. ECMWF ikuonetsa mamilimita 9 onse pamodzi, GFS ikuonetsa 4. Mapu onse a chigawo chapakati ndi otuwa, kufikira ku Zambia. Magwero awiri osiyana agwirizana pa chinthu chimene amachidziwa bwino, chomwe ndi kuuma. Apa palibe kukayika: mbewu ikhale m'nyumba.

Kudikira kotere kumapweteka mtima, makamaka pamene mizere ya anzanu yayamba kubiriwira pa tsiku lachisanu ndi chimodzi. Koma tiyeni tiwerengetsere zimene zikanachitika akanabzala. Kuti apulumutse mbewu ndi madzi ofanana ndi mvula ya mamilimita 10 pa munda wonse, akanafunika malita 6,000, omwe ndi makeni 600 a malita 10. Ngakhale atangothira theka la lita pa phando lililonse, ndi malita 1,600, makeni 160, ndipo pakatha masiku atatu afunika kubwereza. Kwa munthu wotunga pa mjigo kapena wolipira madzi a m'mpopi, zimenezi n'zosatheka. Chotsala chikanakhala kupakiza, ndipo chimanga chopakiza chimakula mopanikizidwa ndi chinzake chimene chinatsogola.

Papita masiku 10. Kwa masiku atatu otsatizana apu yakhala ikuonetsa mvula kuyambira Lachisanu, ndipo tsikulo silikusuntha. Ichi n'chizindikiro chofunika kuchidziwa. Makompyuta aja amawerengetseranso kangapo pa tsiku, GFS kanayi, ndipo ulosi umasintha. Mvula yodalirika imayandikira: lero ili patsogolo masiku 5, mawa 4, mkuja 3. Palinso mvula yothawa, imene tsiku lililonse mukatsegula foni imakhala ili patsogolo masiku 8 kapena 9, osayandikira. Imeneyo musaiwerengere. N'chifukwa chake kuyang'ana kamodzi patsiku kwa masiku angapo kumaposa kuyang'ana kakhumi tsiku limodzi, ndiponso kumasunga bandulo.

Lachisanu chitini chalandira mamilimita 18, Loweruka 11, pamodzi 29. Khasu likupeza chinyontho mpaka masentimita 18. Pa masiku 10 akubwerawo ECMWF ikuonetsa mamilimita 55 omwazikana pa masiku asanu, GFS ikuonetsa 30. Manambalawo ndi osiyana, koma mayiyu sakufuna kudziwa ngati idzakhale 30 kapena 55. Akufuna kudziwa ngati pali mpata wa masiku ambiri opanda kanthu, ndipo onse awiri akuti palibe. Pa wailesi a zanyengo anenanso kuti mpweya wa ku Congo walowa m'chigawo chapakati. Abzale, ndipo abzale tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, chinyontho chikadalipo. Amene amadikira kuti igwe inanso kuti atsimikize, apa akutaya.

Nanga zikanakhala kuti chitini chati 29, koma ECMWF ikuti 40 pomwe GFS ikuti 5? Izi zimachitika kawirikawiri, ndipo kusagwirizanako ndi uthenga pakokha: mpweya uli pa mphambano, palibe akudziwa. Musasankhe apu imene ikunena zimene mtima wanu ukufuna. Njira yabwino ndi kugawa. Bzalani theka la munda, kuyambira mbali imene imasunga chinyontho, monga kumunsi kapena kumene munaphimbira ndi mapesi, n'kusunga mbewu yotsalayo mpaka mvula yotsatira. Mukatero simungataye zonse, ndiponso simungachedwe ndi zonse.

Kalendala nayonso ili ndi mawu pa nkhaniyi. Mvula yobzalira imayamba kummwera, kawirikawiri mu Novembala, n'kumakwera chakumpoto, kumene madera ambiri amabzala mu Disembala. Mamilimita 25 a pa 20 Okutobala ku Lilongwe ndi okayikitsa ngakhale apu ikulonjeza zabwino, chifukwa nyengo yake sinakhazikike, ndipo ng'amba ikhoza kubwera kuseri kwa masiku amene apu ikuona. Mamilimita 25 omwewo a pa 10 Disembala ndi obzalira ngakhale apu ikukayikira, chifukwa kuchedwa nako kuli ndi mtengo wake: chimanga chochedwa chimaphonya chonde chimene nthaka imatulutsa ndi mvula zoyamba, chimapikisana ndi udzu, chimakumana ndi mbozi zitachuluka, ndipo mvula ikhoza kusiya chisanakhwime. Kumayambiriro a nyengo khalani wovuta kukhutira. Nyengo ikamapita, fewetsani muyeso.

Pamene apu imalekezera

Ulosi wa masiku atatu oyambirira ndi wothandiza. Wa tsiku lachinayi mpaka lachisanu ndi chiwiri muziuwerenga ngati chithunzi cha sabata, yonyowa kapena youma, osati tsiku ndi tsiku. Kupitirira masiku 10 mphamvu yake yatsala pang'ono kutheratu. Ma apu ena amaonetsa kalendala ya mwezi wathunthu kapena kuposa, tsiku lililonse ndi kamtambo kake kapena kadzuwa kake. Zimenezo sizichokera pa kuona mpweya umene ukubwera. Kwakukulu zimachokera pa zimene zimachitika nthawi ngati imeneyo zaka zambiri, ndipo munthu asasankhire tsiku lobzala pamenepo. Enanso amalonjeza kuti mvula iyamba pakatha mphindi 20. Ulosi wotere umadalira makina a rada oyang'ana mitambo ali pansi, amene kuno kwathu ndi osowa, choncho musaudalire.

Ndiye kuti muyeso uja wa ng'amba apu imangouona theka. Imakuuzani za sabata yoyamba ndi pang'ono za yachiwiri, pamene mbewu ikumera ndi kuzika mizu. Imeneyo ndi nthawi yoopsa kwambiri, choncho thandizolo si laling'ono. Koma za Januwale ndi Febuluwale siingakuuzeni. M'nyengo ya 2023 mpaka 2024, chaka cha El Nino, ambiri anabzala bwino ndipo chimanga chinamera bwino, koma ng'amba yaitali ya mu Febuluwale inachipeza chikumasula, moti mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 agwa m'ngozi. Palibe apu imene ikanaonetsa zimenezo mu Novembala.

Chimene chinachenjeza chinali ulosi wa nyengo yonse, umene nthambi ya boma yoona za nyengo imatulutsa chaka chilichonse mvula isanayambe, n'kuugawanso boma ndi boma. Ulosi umenewu sunena tsiku lobzala pa munda wanu. Umanena ngati mvula ya miyezi itatuitatu ikuyembekezeka kuchepa kapena kuchuluka poyerekeza ndi zaka zonse, ndiponso ngati ng'amba zikuyembekezeka. Ntchito yake ndi ya m'sitolo, osati ya m'munda: umakuthandizani kusankha mbewu yocha msanga kapena yochedwa, kuganiza zoika mbatata, nandolo kapena mapira pa gawo lina, ndi kusunga mapesi ophimbira. Alangizi ambiri anaphunzitsidwa kukambirana ndi alimi za ulosi umenewu pamodzi ndi mbiri ya mvula ya dera lawo, choncho n'koyenera kuwafunsa.

Nthambi yomweyi ili ndi apu yake yotchedwa Zanyengo, ndipo imaperekanso ulosi pa wailesi. Ine ndimaona kuti mawu a akatswiri athu ndi ofunika kuwaika pambali pa ma apu akunja aja nthawi zonse. Nawonso amayang'ana ECMWF ndi GFS, koma ali ndi malo awo oyezera mvula m'dziko muno, ndipo amadziwa zimene chiperoni chimachita ku Thyolo ndi Mulanje, kapena mmene nyanja imakokera mvula ku Nkhata Bay. Machenjezo a mvula yamphamvu ndi kusefukira kwa madzi azichokera kwa iwo.

Wa kudimba amawerenga mosiyana

Zonse zanenedwazi ndi za munthu wodalira mvula. Amene ali ndi mabedi ochepa a ndiwo zamasamba ndi madzi pafupi ali ndi masamu ena. Bedi la mita imodzi m'lifupi ndi mamita 10 m'litali limafuna malita pafupifupi 50 pa tsiku lotentha, makeni asanu basi. Ng'amba siimuopsa. Chimene chimamuopsa ndi mvula yamphamvu, imene imakokolola njere za repu, mpiru, tomato kapena anyezi pa nazale, n'kusiya dothi litauma ngati chikhokho chimene timbewu sitingachiboole. Iyeyu aziyang'ana tsiku limene likuonetsa mamilimita ambiri pa maola ochepa. Akaliona m'masiku awiri kapena atatu akubwera, achedwetse kufesa, kapena aphimbe nazale ndi udzu, akweze bedi ndi kutsegula ngalande. Ndipo popeza nambala ya pa foni ndi yomwazidwa pa bokosi lonse, mamilimita 10 a mvula ya mabingu aziwaona ngati akhoza kukhala 30 pa bedi lake.

Powokera mbande, apu imathandiza kwambiri, chifukwa mitambo ndi kutentha imazilosera bwino kuposa mvula. Masiku awiri kapena atatu a mitambo ndi kutentha kotsikirapo ndi nthawi yabwino yowokera, chakumadzulo, mutathirira kaye nazale ndi mapando. Mbande yowokeredwa kutsogolo kuli masiku a madigiri 33 imafota ngakhale muithirire. Wa tomato wa m'dzinja aziyang'ananso masiku otsatizana a mvumbi ndi kuzizira, chifukwa ndi pamene chiwawu chimabuka. Mankhwala oteteza amafunika kupopera mvumbiwo usanayambe, pa tsiku limene masamba akhala ouma maola angapo. Feteleza wobereketsa naye amafuna nthaka yonyowa, koma osati kutsogolo kuli chimvula chimene chimukokolole. Ngati magwero onse awiri akuonetsa mamilimita 30 kapena kuposa mawa, thumba likhale lomanga mpaka mvulayo itadutsa ndipo madzi atatsika m'mizere.